Manambala Akakhala Opanda Ziro ndi Mainasi

Mu 1907 Oskar Perron, katswiri wa masamu wa ku Germany, anatsimikizira mfundo iyi: matirikisi yofanana mizere yopingasa ndi yotsika, manambala ake onse oposa ziro, imakhala ndi vekita ya manambala oposa ziro imene siipotoza, imangoikulitsa kapena kuichepetsa. Vekitayo ndi aigenivekita, ndipo nambala yoikulitsira ndi aigenivaliyu.

Titenge matirikisi ya mizere (1, 2) ndi (3, 2). Imasandutsa (x, y) kukhala (x + 2y, 3x + 2y). Tikayamba ndi (1, 0) timapeza (1, 3), kenako (7, 9). Tikayamba ndi (0, 1) timapeza (2, 2), kenako (6, 10). Tigawe y ndi x: poyamba mayankho ndi 3 ndi 1, kachiwiri 1.29 ndi 1.67. Mpata wachepa! Popanda mainasi, chotuluka chilichonse ndi msakanizo wa ziwirizi, choncho chimagwera pakati pawo. Mpatawo umapanikizikabe mpaka kutsekera pa 1.5, amene ndi (2, 3). Yesani nokha: (2, 3) imasanduka (8, 12), yakula kanayi.

Nanga 4 akuposa bwanji aigenivaliyu inayo? Aigenivekita yachiwiri, (1, −1), ili ndi mainasi, ndiye pophatikiza manambala amadyana. Imasanduka (−1, 1), osakula konse.

Ziro amatha kusokoneza zonsezi. Mizere (0, 1) ndi (1, 0) imangosinthanitsa x ndi y, mpata suchepa, ndipo ma aigenivaliyu ake, 1 ndi −1, amalingana mphamvu.