Amalume atatu m'foni imodzi

Mukufuna kuimbira amalume, mwalemba dzina lawo m'foni, ndiye latuluka katatu. Chala chimathamangira kufufuta awiri. Dikirani kaye, chifukwa mayina atatuwo kawirikawiri sakhala malo amodzi. Lina lili pa simukhadi, lina m'foni mwenimwenimo, lina mu akaunti ya Google. Foni imangowasonkhanitsa pamndandanda umodzi.

Tiyerekeze mayi wina wagula foni yatsopano ya Android. Nambala ya amalume anaisunga kalekale pa simukhadi, yoyamba ndi 0999. Ali ndi foni yachiwiri anaisunganso, ulendo uno yoyamba ndi +265, ndipo inalowa mu akaunti ya Google. Kenako wokonza mafoni anakopera mayina onse a pa simukhadi n'kuwaika m'foni yatsopanoyo. Amalume akwana atatu, ndipo chimodzimodzi aliyense amene anali pa simukhadiyo wawirikiza.

Chofunika kumvetsa musanakhudze chilichonse n'chakuti dzina lokhala mu akaunti silili la foni imodzi. Mukalifufuta pano, foni ikangolumikizana ndi intaneti lifufutikanso pa chipangizo chilichonse chimene chinalowa mu akaunti yomweyo. Apa m'pamene mabanja ambiri amavulalira. Mwana wamkulu amatsegulira mayi ake foni ndi Gmail yake, mayina a awiriwo n'kusakanikirana. Mayi akaona mayina achilendo n'kuwachotsa, mwanayo mawa lake apeza makasitomala ake asowa. Choncho yambani mwaona mu Settings, pa Accounts, kuti foniyo ili pa akaunti ya ndani. Ngati ndi ya wina, musayeretse. Tsegulani yanu kaye. Ine ndimaona kuti aliyense, ngakhale agogo, ayenera kukhala ndi yakeyake.

Akaunti ikakhala yanu, sungani kaye mayina onse pambali. Mu Contacts ya Google muli Export, imene imapanga fayilo yothera ndi .vcf. Itumizeni ku imelo yanu kapena muiike pa memori khadi.

Kenako sonkhanitsani onse malo amodzi. Chida cha Google chophatikizira mayina chimagwira ntchito pa mayina a mu akaunti, sichikhudza a pa simukhadi, ndiye atengeni ndi Import from SIM kuti alowe mu akauntiyo. Musadabwe mndandanda ukatalika kwambiri pamenepa. Tsopano pitani pa Merge & fix, m'foni momwemo kapena pa contacts.google.com ngati muli ndi kompyuta. Chidachi chimakuonetsani mayina amene chikuwaganizira kuti ndi a munthu mmodzi. Kuphatikiza n'kosiyana ndi kufufuta: amalume aja amasanduka dzina limodzi, koma nambala ndi imelo zonse zimatsala pansi pa dzinalo. Mukatha, uzani foni isamaonetsenso mayina a pa simukhadi, apo ayi obwereza aja aziwonekabe. A iPhone ali ndi chida chofanana kuyambira pa iOS 16 ya 2022.

Pali batani la Merge all lophatikiza onse nthawi imodzi. Sindilikonda. Kwathu kuno a Banda ndi a Phiri ndi ambiri, ndipo timasunga anthu ndi mayina ngati "Wa kabaza" kapena "Mayi a tomato". Anthu awiri osiyana angathe kusanduka mmodzi, inu n'kudzazindikira mutaimbira wolakwika. Onani gulu lililonse palokha, muyerekeze nambalazo.

Nambala zakale zokha palibe chida chimene chingakusankhireni, ndipo ndi zimene zimaluzitsa ndalama. Simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani ya foni imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina. M'foni mwanu ikadali "Achemwali", koma mukatumizako ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, wolandira ndi mlendo. Chizindikiro chimodzi ndi chithunzi cha pa WhatsApp chimene chasanduka nkhope yosaidziwa. China ndi dzina losiyana limene latuluka potsimikiza kutumiza ndalama. Munthu akakhala ndi nambala ziwiri, mufunseni yomwe akugwiritsa ntchito, muchotse yakufayo mkati mwa dzina lake, osati dzina lonse. Potero lembaninso yotsalayo moyamba ndi +265, kuchotsa 0 wa kutsogolo, kuti izigwirabe mukawoloka malire kupita ku Chipata kapena ku Joni.

Mukalakwitsa, Google imasunga mayina ofufutidwa mu Trash kwa masiku 30. Pa contacts.google.com palinso Undo changes, imene imabweza mndandanda wonse momwe unalili tsiku lililonse m'masiku 30 apitawo, ngakhale mutaphatikiza molakwika. Dziwani kuti mayina atsopano amene munasunga tsikulo litadutsa amachoka nawo, ndiye alembeni pambali musanabweze. Dzina lofufutidwa pa simukhadi sililowa mu Trash ya Google.