Madigiri Asanu Amene Amaononga Faji

Faji wofewa bwino amafuna kuti shuga, mkaka ndi batala ziwire kufika madigiri 115 pa chipangizo choyezera kutentha. Pamenepo mukadonthezera pang'ono m'madzi ozizira, pamapangika kampira kofewa kophwatalala mukakatsina. Mukapitirira madigiri asanu okha, madzi auma kwambiri ndipo faji amatuluka wouma, wofumbutuka.

Chonde, nsonga ya chipangizocho isagunde pansi pa poto, chifukwa chitsulo chimatentha kuposa madzi a shugawo ndipo chingakunamizeni. Mukaphula, musatakase mpaka azizire kufika madigiri 43, apo ayi amamveka ngati mchenga m'kamwa.

Tofi wolimba ndiye amapitirira mpaka madigiri 150, pamene dontho lake limathyoka ngati galasi.