Zoyenera kulemba botolo la asidi lisanatsegulidwe

Pa 3 Seputembala 2014, m'nyumba ina yoonetsera za sayansi mumzinda wa Reno ku Amereka, wogwira ntchito ankaonetsa ana moto wozungulira ngati kamvulumvulu. Poona kuti motowo sukuyaka bwino, anathira metanolo kuchokera m'chibotolo cha malita 4. Moto unatsatira nthunzi, n'kulowa m'botolomo, kenako unalavukira pa anthu amene ankaonerera. Anthu 13 anavulala, ambiri mwa iwo ana. Bungwe la boma la Amereka lofufuza ngozi za makemikolo, la CSB, litaunika nkhaniyi linalangiza kuti pa chionetsero chotere pasamakhale botolo lalikulu pamene pakufunika mamililita ochepa chabe.

Kuti metanolo amayaka, aliyense ankadziwa. Chimene chinasowa ndi kuganiziratu kuti pa tebulo pakhale wochuluka bwanji, komanso kuti munthu adzatani moto ukakana. Mafunso otere ndi amene wophunzira wa sayansi ya makemikolo ayenera kuyankha polemba gawo la chitetezo ndi kuunika ngozi, asanalowe mu labotale. Ambiri amangolemba kuti asidi ndi woopsa, tivala magolovesi, basi. Mawuwo ndi oona, koma sangapulumutse diso la munthu, chifukwa sanena nthawi imene asidiyo angathovukire kumaso.

Chitsanzo chabwino ndi ntchito yopanga esita yotchedwa etilo asetate, madzi onunkhira amene amapezeka m'mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Mu fulasiki muikidwa mamililita 20 a etanolo, mamililita 20 a asidi wa asetiki wosasungunula ndi mamililita 4 a asidi wa salufiyuliki wa 98 peresenti. Zimenezi ziwiritsidwa kwa theka la ola pansi pa kondensa, paipi yagalasi yozunguliridwa ndi madzi ozizira imene imabweza nthunzi m'fulasikimo. Kenako esitayo atchezedwa ndi kutsukidwa.

Wolemba amayambira pa chikalata cha SDS, chimene opanga mankhwala amapereka pa kemikolo aliyense. Chili ndi zigawo 16, koma zofunika kwambiri pano ndi chigawo 2 cha kuopsa kwake, 4 cha chithandizo choyamba, 8 cha zodzitetezera ndi 10 chonena za zinthu zimene kemikoloyo sagwirizana nazo. M'menemo apeza kuti H2SO4 ali ndi chizindikiro H314, kutanthauza kuti amaotcha khungu ndi kuwononga maso koopsa. Asidi wa asetiki nayenso ali ndi H314. Viniga wa kukhitchini amakhala ndi asidi yemweyu pafupifupi 5 peresenti yokha, choncho dzinalo lisapusitse munthu, pakuti wa mu labotale ndi wopitirira 99 peresenti.

Pa zinthu zoyaka, nambala yofunika kuikopera ndi ya kutentha kumene madziwo amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto. Etanolo amafika pamenepo pa madigiri 13, asidi wa asetiki pa madigiri 39, amene ndi kutentha wamba kwa masana a Okutobala ku Nsanje ndi ku Chikwawa. Woopsa kuposa onse ndi esita amene akupangidwayo, amene amagwira moto ngakhale pa madigiri 4 kutsika pansi pa ziro. Ophunzira ambiri amamuiwala chifukwa sali pa mndandanda wa zokatenga kusitolo ya labotale, chonsecho ndiye adzakhale m'manja mwawo pomaliza. Nthunzi yake imalemera pafupifupi katatu kuposa mpweya, motero imayenda chokwawa pa tebulo ndipo ingakapeze moto wa mnzako amene ali cha uko.

Zonsezi zikadali zongokopera. Ntchito yeniyeni imayamba pamene wolemba asiya kundandalika makemikolo n'kuyamba kulondola sitepe iliyonse ya ntchitoyo, akudzifunsa chimene chingalakwike pamenepo, amene angavulale ndi chimene chingatchinge.

Pa sitepe yothira salufiyuliki, chiganizo chabwino chingakhale chotere: "Asidi ameneyu akasakanizika ndi etanolo amatulutsa kutentha kwambiri, ndipo akathiridwa msanga zosakanizazo zingawire n'kuthovukira kumaso. Tidzatunga mamililita 4 okha m'kabotolo kakang'ono, botolo lalikulu litatsala m'kabati. Tidzathira dontho limodzilimodzi mu etanolo, tikupukusa fulasiki itavikidwa m'madzi ozizira, titavala magalasi otchinga maso mbali zonse." M'mawu amenewa muli kuchuluka, chifukwa chake ndi dongosolo la chimene chimalowa mwa chinzake. Dongosololo lili ndi chifukwa. Asidiyu amalemera magalamu 1.84 pa mililita imodzi, ndiye madzi kapena etanolo akathiridwa pamwamba pake amayandama, kutentha konse n'kuunjikana pamalo amodzi.

Pa sitepe yowiritsa, pepalalo linene mosapita m'mbali kuti m'chipinda chonse simudzakhala moto wa lawi, ndipo fulasiki idzatenthetsedwa ndi chotenthetsera chamagetsi kapena m'madzi otentha. Pamwamba pa kondensa pasatsekedwe, chifukwa galasi lotsekedwa likamatenthedwa limaphulika. Timiyala tothandiza kuti madzi awire modekha tiikidwe zinthu zikadali zozizira. Kuponya timiyalato m'madzi otentha kale kumachititsa kuti atumphukire kunja nthawi yomweyo.

Apa mpamene pepala lokopera m'buku la kunja limaonekera. Bukulo limaganiza kuti magetsi ndi madzi a pampope sasiya. Kumene magetsi amathimathima, fani ya kabati yokoka utsi imaima, ndipo madzi akasiya kondensa imatentha, nthunzi n'kumatulukira pamwamba. Chizindikiro chake ndi fungo la esita kukula m'chipinda. Wolemba anene kuti zikatero chotenthetsera chichotsedwa pansi pa fulasiki, chitseko cha kabati chitsitsidwa, mawindo atsegulidwa. Anenenso kumene kudzachokere madzi otsukira diso, chifukwa diso lolowa asidi limafunika madzi oyenderera kwa mphindi zosachepera 15, ndipo botolo limodzi silingakwane.

Sitepe imene imadzidzimutsa ambiri ndi yotsuka esita ndi madzi a sodiyamu kaboneti m'fanelo yolekanitsira. Asidi wotsalira akakumana ndi kabonetiyo amatulutsa mpweya wa CO2, umene ungakankhe chivindikiro. Pepalalo linene kuti fanelo siitsekedwa thovu lisanathe, ndipo ikagwedezedwa kamodzi kapena kawiri iyenera kupenamitsidwa n'kutsegula kampope kake kataloza kumene kulibe munthu.

Magolovesi ndi magalasi abwere pomalizira m'chiganizo chilichonse, chifukwa ndi mpanda womaliza, wogwira ntchito pamene kuchepetsa mankhwala, kuchotsa moto ndi kukoka utsi zalephera. Ndiponso magolovesi opyapyala a naitiraili amangoteteza ku madontho. Etilo asetate amawalowerera m'mphindi zochepa, choncho akanyowa avulidwe pompo.

Mafomu ambiri amafuna kuti ngozi iliyonse ipatsidwe manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5, ina ya mwayi woti ichitike ndi ina ya kukula kwa kuvulala, kenako achulukitsidwe. Asidi wolowa m'diso angapatsidwe 3 ndi 5, kupanga 15. Njira zotetezera zikaikidwa, 3 uja angatsike kufika pa 1, koma 5 amakhalabe 5, pakuti asidiyo sanasinthe.

Gawolo silinathe ngati silinanene kumene zotsala zikupita. Esita ndi etanolo wotsala apite m'botolo la zinyalala zoyaka lolembedwa bwino, osati m'sinki. Zotsalira m'fulasiki, momwe muli salufiyuliki, zizizire kaye, kenako zithiridwe pang'onopang'ono m'madzi ambiri n'kuzimidwa mphamvu ndi kaboneti. Ngati m'labotale yomweyo ena akugwiritsa ntchito asidi wa naitiriki, pepalalo lichenjeze kuti asalowe m'botolo la etanolo, chifukwa ziwirizi zimatulutsa mpweya ndi kutentha mpaka kuswa botolo lotsekedwa, nthawi zina patapita maola anthu atatuluka kale. Mphunzitsi kapena woyang'anira labotale asaine pepalalo ntchito isanayambe, ndipo ngati miyezo yasintha, monga mamililita 20 kukhala 200, lilembedwenso kuyambira pachiyambi.