Ola ndi theka la Steve Jobs m'ziganizo ziwiri

Pa 9 Januwale 2007, mu holo ya Moscone mumzinda wa San Francisco, Steve Jobs anakwera pansanja kukatsegula msonkhano wa Macworld. Mwambowo unatenga nthawi yoposa ola ndi theka, ndipo kanema wake alipo mpaka lero. Anthu amaukumbukira ngati tsiku limene iPhone inaonekera koyamba, koma woonera kuyambira pachiyambi amadabwa: mphindi zoposa 20 zimatha foniyo isanatchulidwe n'komwe. Jobs anayamba ndi makompyuta a Mac, kenako nyimbo 2 biliyoni zimene zinali zitagulidwa pa iTunes, kenako kachipangizo kolumikiza ku wailesi yakanema kotchedwa Apple TV.

Kanema ameneyu ndi malo abwino ophunzirirapo ntchito imene atolankhani ndi ofalitsa nkhani za m'mabungwe amapatsidwa msonkhano ukangotha. Bwana amapereka kanema wa mlendo wamkulu n'kunena kuti pakufunika zinthu ziwiri pofika madzulo: uthenga waufupi woika pa Facebook kapena X, ndi nkhani yaitali yofotokozera amene sanalipo.

Olemba ambiri amayamba ndi waufupiwo poganiza kuti ndi wosavuta, ndipo apa ndi pamene amagwera m'mbuna. Munthu sangasankhe mfundo imodzi asanadziwe zonse zimene akusiya. Ntchito yoyamba ndi kuonera kanema yense osaimitsa, cholembera chili m'manja, n'kumalemba mphindi imene mutu uliwonse wayambira ndi mawu ochepa okumbutsa. Pa kanema wa Jobs, pepalalo limadzaza ndi mizere monga: Mac, iTunes, Apple TV, kulengeza iPhone, kuionetsa ikugwira ntchito, alendo, mtengo, cholinga cha malonda, dzina la kampani. Wolankhula Chingerezi amatulutsa mawu pafupifupi 8,000 pa ola, choncho kulemba liwu lililonse n'kutaya nthawi. Ulendo wachiwiri ndiwo woimitsa ndi kubwerera m'mbuyo, ndipo umachitika pamalo okhawo pamene pali nambala, dzina, tsiku kapena mawu amene wolemba akufuna kuwagwira ndendende.

Pepalalo likadzaza, chimene chimaoneka n'chakuti dongosolo la pansanja silingagwire ntchito papepala. Wokamba amakhala ndi anthu amene akhala kale pamipando ndipo sachoka, choncho amatha kuwadikiritsa. Jobs anachita zimenezo mwaluso. Ananena kuti akulengeza zinthu zitatu zatsopano: iPod ya sikirini yaikulu yoyendetsa ndi zala, foni yam'manja, ndi chipangizo cholumikizirana pa intaneti. Anabwereza zitatuzo kangapo mpaka anthu anayamba kuseka atazindikira kuti akunena chinthu chimodzi. Mu holo, masewera amenewa anakoma. Wowerenga pa foni alibe kuleza mtima koteroko, ndipo nkhani yoyamba ndi Mac, n'kudutsa pa iTunes, n'kufika pa iPhone m'ndime yachisanu, imakhala itamutaya kalekale.

Ndiye nkhani yaitali imatembenuza zinthu. Ndime yoyamba imanena chimene chachitika, ndani wanena, kuti ndi liti. Mtengo ndi tsiku logulitsira, zimene Jobs anazisunga mpaka chakumapeto, zimakwera kufika ndime yachiwiri: madola 499 ya magigabayiti 4, madola 599 ya magigabayiti 8, zonse pa mgwirizano wa zaka ziwiri ndi kampani ya mafoni ya Cingular, kuyambira mu Juni ku America, kumapeto kwa 2007 ku Ulaya, ndi 2008 ku Asia. Pambuyo pake pamabwera chipangizocho: sikirini ya mainchi 3.5, kamera ya mamegapikiselo 2, batani limodzi lokha kutsogolo. Apple TV, imene pansanja inali patsogolo, imatsikira pansi ndi ndime imodzi yonena mtengo wake wa madola 299. Chilengezo choti kampaniyo yachotsa liwu lonena za kompyuta pa dzina lake n'kukhala Apple Inc. chinabwera chakumapeto ndipo chinatenga nthawi yochepa, koma n'chachikulu kuposa zambiri zimene zinadya mphindi khumikhumi, ndipo chimayenera ndime yakeyake.

Kutalika kwa nthawi imene wokamba wakhala pa mutu si muyeso wa kufunika kwake. Alendo atatu anakwera pansanja tsiku limenelo: Eric Schmidt wa Google, Jerry Yang wa Yahoo ndi Stan Sigman wa Cingular. Zonena zawo zonse zimakwana m'ziganizo ziwiri zofotokoza chimene kampani iliyonse inkabweretsa pa foniyo. Nthawi ina kachipangizo kosinthira zithunzi kanakana kugwira ntchito, Jobs n'kudzaza mpatawo ndi nkhani ya zibwana zimene ankachita ndi Steve Wozniak ali achinyamata. Imeneyo itha kusiyidwa yonse. Koma foni imene anaimbira malo ogulitsira khofi a Starbucks, n'kuitanitsa makapu 4,000 mwanthabwala, ndi yoyenera kulowa, chifukwa kuseri kwa nthabwalayo kunali umboni: anapeza malowo pa mapu a mufonimo n'kuimba pongogunda nambala ndi chala, anthu akuona. Funso losefera ndi lakuti, kodi kachigawo aka kakusonyeza chinthu chimene mawu okha sakanasonyeza?

Gawo lovuta kwambiri, limene limasiyanitsa mtolankhani ndi wonyamula chikwama cha wokamba, ndi kusiyanitsa mitundu ya ziganizo. M'mawu a wokamba aliyense muli zinthu zimene zachitika kale, malonjezo, ndi kudzitama. Zonse zimanenedwa ndi mawu amodzimodzi otsimikiza, ndipo m'manja mumawombedwa mofanana. Papepala ziyenera kuoneka mosiyana.

Jobs ananena kuti mapulogalamu a mu iPhone anali patsogolo ndi zaka zosachepera zisanu poyerekeza ndi a foni ina iliyonse. Palibe sikelo yoyezera zimenezo, choncho chiganizocho sichingalembedwe popanda "Jobs anati". Ananenanso kuti akufuna kugulitsa mafoni 10 miliyoni mu 2008, omwe ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a msika wa padziko lonse. Chimenecho chinali cholinga, ndipo liwu loyenera ndi "akufuna", ngakhale kuti pambuyo pake anachipitirira. Malonjezo ena sanayende chimodzimodzi. Apple TV inalonjezedwa mu Febuluwale, koma inafika mu Malichi. Wolemba amene analemba kuti "Apple yati ituluka mu Febuluwale" anakhalabe wolondola mwezi utadutsa; amene analemba kuti "ituluka mu Febuluwale" anasanduka wabodza popanda kudziwa. Ngakhale batire linasintha: mu Januwale kunanenedwa maola asanu olankhula, koma foniyo isanafike m'masitolo pa 29 Juni kampaniyo inakweza nambalayo kufika maola asanu ndi atatu. N'chifukwa chake nkhani yotere imafunika kunena tsiku la msonkhano poyera, kuti wodzaiwerenga m'tsogolo adziwe kuti manambalawo ndi a liti.

Nkhani yaitali ilinso ndi malo a zimene wokamba sanafune kukhalapo nthawi. Foni yoyambayo inalibe 3G. Inkadalira netiweki yochedwa ya EDGE ndi Wi-Fi. Panalibenso njira yoikiramo mapulogalamu a anthu ena, ndipo App Store inadzatsegulidwa mu Julayi 2008. Tsiku lotsatira msonkhanowo, kampani ya Cisco inasumira Apple kukhoti ponena kuti dzina la iPhone ndi lake. Wolemba nkhani pa 10 Januwale akanayenera kuiikamo mfundo imeneyi, koma m'ndime yosiyana, yoonetsa kuti izi sizinachokere pansanja. Kusakaniza zimene wokamba ananena ndi zimene wolemba wapeza kwina, popanda malire, ndi kumuika munthu mawu m'kamwa.

Zonsezi zikatha, uthenga waufupi suvutanso. Pa X malire a anthu wamba ndi zilembo 280, ndipo linki iliyonse imawerengedwa ngati zilembo 23 kaya ndi yaitali motani. Mawu a Chichewa ndi otalikirapo, choncho malowo amakwana mawu pafupifupi 35 okha. Wina atha kulemba motere:

"Apple yalengeza iPhone: foni yopanda mabatani olembera, yogwiritsa ntchito zala, yokhala ndi nyimbo ndi intaneti. Ifika m'masitolo a ku America mu Juni. Mtengo ndi madola 499 kapena 599, pa mgwirizano wa zaka ziwiri ndi Cingular."

Uthengawu uli ndi zilembo pafupifupi 230, ndipo linki ikwana. Mulibe Apple TV, mulibe alendo, mulibe dzina latsopano la kampani, ngakhale Jobs mwini wake mulibe. Koma mawu akuti "pa mgwirizano wa zaka ziwiri" atsala, ngakhale adya malo, chifukwa atachotsedwa mtengowo ukhala wonyenga. Pali chilema chimodzi chimene mkonzi watcheru angachigwire: "Ifika mu Juni" ndi lonjezo lolembedwa ngati chinthu chotsimikizika. Kusintha kukhala "Yati ifika" kumangowonjezera zilembo zisanu. Mu 2007, pamene malire a Twitter anali zilembo 140, chiganizo choyamba chokha ndicho chikanakwana, ndipo chimaima pachokha bwinobwino.

Uthenga wolephera umadziwika msanga. Umanena kuti mlendo wamkulu "analankhula mawu amphamvu" pa msonkhano "wosaiwalika", n'kupempha anthu kuti aonere kanema. Njira yoyesera ndi kuchotsa dzina la wokamba n'kuikapo la wina: ngati uthengawo ukumvekabe bwino, ndiye kuti sunanene kanthu. Chilema china ndi kudula mawu pakati. Wotenga masekondi 20 okha pamene Jobs akutchula zinthu zitatu, n'kusiya pamene akuulula kuti ndi chimodzi, angafalitse nkhani yoti Apple yatulutsa zipangizo zitatu, liwu lililonse lili loona. Chitetezo chake ndi kumvetseranso mphindi imodzi kumbuyo ndi mphindi imodzi kutsogolo kwa mawu aliwonse ogwidwa, komanso kuyerekeza nambala iliyonse ndi chikalata chimene okonza msonkhano apereka kwa atolankhani. Khutu limasokoneza 15 ndi 50 mosavuta m'Chingerezi, makamaka m'manja mukuwombedwa. Mawu akatembenuzidwa kupita m'Chichewa, ndi bwino kuwalemba mofotokoza, "anati", "ananena kuti", kusiyana ndi kuwaika m'mitengero ngati kuti wokambayo analankhula Chichewa.

Linki nayo imafuna chidwi. Kutumiza munthu ku kanema wa ola ndi theka popanda kumuuza poyambira n'chimodzimodzi kumulozera mudzi osamuuza nyumba. Pa YouTube, kuwonjezera `t=1590` pa linki kumayambitsa kanema pa mphindi 26 ndi theka, popeza nambalayo ndi masekondi. Makope a kanema wa Jobs amene ali pa intaneti ndi osiyana kutalika: ena amayambira pa Mac, ena anadulidwa n'kuyambira pa iPhone penipeni. Mphindi zimene wolemba analemba papepala lake zimagwira ntchito pa kope limene anaonera lokha, choncho asanatumize ayenera kutsegula linkiyo pa foni ina n'kuona ngati ikufikiradi pamene akunena.