Ndalama sitibweza, koma tikuuzani chifukwa chake

Mayi wina anagula foni ya K180,000 m'sitolo ina ku Limbe. Patapita miyezi itatu foni ija inazima osayakanso. Anaibweza kusitoloko atanyamula lisiti, anauzidwa kuti aisiye kaye, ndipo patatha mlungu analandira uthenga uwu pa WhatsApp:

"Okondedwa kasitomala, pempho lanu lakanidwa malinga ndi malamulo a kampani. Katundu akagulidwa sabwezedwa. Zikomo. Oyang'anira."

Mawa lake mayiyo anafika pakauntala atalusa, anthu ogula ena akumvera. Chodabwitsa n'chakuti eni sitolo sanalakwe pokana. Wokonza mafoni wawo anali ataitsegula n'kupeza kuti munalowa madzi, ndipo waranti, lomwe ndi lonjezo la wogulitsa lokonza kapena kusintha katundu akapezeka ndi vuto lochokera kufakitale, silikhudza foni yonyowa. Mfundo anali nayo, koma sanailembe. Analemba zina.

Chiganizo choti katundu akagulidwa sabwezedwa n'choyamba kuchotsa, chifukwa si choona. Foni ija ikanazima payokha, wopanda woilakwira, sitoloyo ikanayenera kuikonza, kuisintha kapena kubweza ndalama. Ku Malawi kuno kuli lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la CFTC, lomwe limayang'anira chilungamo pa malonda, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kulemba mawu otere pakhoma kapena palisiti pofuna kuthawa udindo pa katundu wowonongeka n'kulakwa. Choncho musanayambe kusalaza mawu, dzifunseni ngati kukanako kuli kolungama. Ngati vuto lili lakufakitale, cholembera chiikeni pansi, m'patseni munthuyo zake. Mawu okoma sangakonze chiweruzo chokhota.

Nanga "malamulo a kampani" aja? Mawu amenewa amamveka ngati chifukwa, koma ndi chitseko chabe. Mayiyo sanawaonepo malamulowo, sangawatsutse, sangadziwenso ngati akumugwiritsira ntchito iye yekha. Ine ndimayesa chifukwa chilichonse ndi funso limodzi: kodi wokanidwayo angachione ndi maso ake? Pa nkhani ya foni iyi zinthu zooneka zinalipo ziwiri. M'mafoni ambiri muli kapepala kakang'ono koyera, nthawi zambiri pafupi ndi polowetsa simu khadi, kamene kamafiira kakakhudzana ndi madzi. Kameneka kanali kofiira. Ndipo pa tizitsulo ta polowetsa chaja panali dzimbiri. Chinthu chachitatu chinali m'manja mwa mayiyo kale: kuseri kwa lisiti kunalembedwa kuti waranti ya miyezi 12 sikhudza kuwonongeka kobwera ndi madzi kapena kugwa.

Apa ndichenjeze amisiri. Kapepala kaja pakokha si mboni yokwanira, chifukwa nthunzi ndi chinyezi chambiri nazo zimatha kukasintha mtundu. Ukapeza kafiira koma mkati muli mbee, popanda dzimbiri kapena madontho ouma, usafulumire kukana. Chifukwa chimene ungachite nacho manyazi munthu akapita nacho kwa mmisiri wina, usachilembe.

Uthenga uja ukalembedwanso, ukhoza kumveka chonchi:

"Mayi, zikomo potibweretsera foni yanu Lolemba lapitali pamodzi ndi lisiti. Taiyeza, ndipo ndalama zanu K180,000 sitikwanitsa kubweza. Chifukwa chake ndi ichi: titaitsegula tapeza kuti munalowa madzi. Kapepala kosonyeza madzi kafiira, ndipo polowetsa chaja pachita dzimbiri. Zithunzi ziwiri ndi izi. Waranti yathu, monga zalembedwera kuseri kwa lisiti lanu, imakhudza vuto lochokera kufakitale, osati la madzi. Tikudziwa kuti n'zowawa kutaya foni imene mwangoigwiritsa ntchito miyezi itatu. Tikhoza kuikonza pa K35,000, ndipo ingatenge masiku anayi. Ngati simukufuna, mudzaitenge tsiku lililonse, simulipira kanthu pa kuyezako. Muli ndi ufulu wokaionetsa kwa mmisiri wina, ndipo akapeza zosiyana ndi zathu, tibweretsereni tidzaionenso. Mukapanda kukhutira, mukhoza kukadandaula ku CFTC. Ndine woyang'anira sitoloyi, ndipo mukandifuna mundipeza pa nambala yomweyi."

Yankho silinasinthe, ndalama sizikubwera. Koma taonani pamene pakhala mawu okana: m'chiganizo chachiwiri. Ife timakonda kuzungulira tisanatule nkhani yolemera, ndipo pokambirana pamaso, mutakhala pansi, n'zoyenera ndithu. Pa uthenga wolembedwa kuzungulira kumapweteka. Munthu akawerenga mizere isanu yothokoza ndi kupepesa, mtima umayamba kuyembekeza zabwino, ndiye "ayi" akafika kumapeto amamva ngati wapusitsidwa. Moni ndi zikomo zikhalepo, koma zachidule.

Mawu amene ndikufuna tiwayang'anitsitse ndi akuti "munalowa madzi". Wolemba woyamba akanafunsidwa chifukwa, mwina akanati, "Munaigwetsera m'madzi." Kusiyana kwake n'kwakukulu. Mmisiri waona dzimbiri, sanaone kugwa. Mwina mwana anaisewera pafupi ndi ndowa mayiyo ali kumsika. Mwina inanyowa m'chikwama pakabaza mvula itawapeza panjira. Mwina mwini wake sakudziwa n'komwe, ndipo pamene ankati "inangozima" ankanena zoona zenizeni monga akuzidziwira. Ukalemba kuti anaigwetsa, wamutcha wabodza, ndipo kuyambira pamenepo sakumenyeranso K180,000 ayi, akumenyera mbiri yake. Mkangano wa ndalama umatha msanga kusiyana ndi umenewo. N'chimodzimodzi mawu ngati "mukanawerenga lisiti" kapena "monga tinakuuzani kale". Angakhale oona, koma ntchito yawo ndi kuloza chala, ndipo sawonjezera kanthu pa chifukwa.

Kupepesa nakonso kuli ndi muyeso. Uthenga watsopanowu ukuvomereza kamodzi kuti n'zowawa, basi. "Pepani" akachuluka, wowerenga amaganiza kuti mukudziwa kuti mwalakwa ndipo mukabanikizidwa mugonja. Koma ngati sitolo ili ndi polakwa pakepake, mwachitsanzo inalonjeza yankho m'masiku awiri n'kutha mlungu, pamenepo pepesani mosabisa ndipo mutchule chimene mukupepesacho.

Amalonda ambiri amadodoma ndi mzere wotchula CFTC. Wina anandifunsa kuti, "Ndiye ndimuonetse ndekha njira yokandisumira?" Ndinamuyankha kuti njirayo adzaipeza ngakhale osamuonetsa, ndipo adzapita atakwiya. Amene wayeza bwino, wajambula zithunzi, wasunga kope la lisiti, alibe choopa kumeneko. Ngati mzerewo ukukutulutsani thukuta, bwererani kwa mmisiri, mwina chifukwa chanu sichinakhwime. Komanso musalonjeze zoti "tidzaonanso" ngati mukudziwa kuti simudzaonanso. Kuli bwino kunena chimene chingasinthe maganizo anu, monga zopeza za mmisiri wina, kusiyana ndi kumuyendetsa munthu maulendo atatu paminibasi.

Chotsiriza ndi dzina. "Oyang'anira" si munthu. Wolemba aike dzina lake ndi udindo wake, ndipo wolemberedwayo amutchule monga amatchulidwira, Mayi kapena Bambo akutiakuti, osati "okondedwa kasitomala" amene amatumizidwa kwa aliyense. Musanadine potumizira, werengani uthengawo mokweza ngati kuti mukuuza azakhali anu amene agula foni ndi ndalama za kubanki nkhonde. Pamene lilime lakana, pamenepo pakufunika kulembanso. Ndipo ogwira ntchito pakauntala auwerenge nawo, kuti mayiyo akabwera kudzatenga foni yake asadzamve chifukwa china chosiyana ndi chimene chili m'uthengamo.