Sopo wofiira kapena wobiriwira: masamu olosera kumene ogula adzathere

Mwini golosale aliyense amadziwa kuti wogula sachedwa kusintha maganizo. Mayi amene mwezi uno watenga sopo wofiira akhoza kubwera mwezi wamawa n'kuloza wobiriwira. Za munthu mmodzi n'zovuta kulosera, koma za anthu chikwi masamu amalosera bwino ndithu. Njira yake imatchedwa tcheni cha Markov, potengera dzina la Andrey Markov, katswiri wa masamu wa ku Russia amene anayamba kulemba za nkhaniyi mu 1906.

Chitsanzo chongoyerekeza ndi ichi. Pa tawuni ina pali mabanja 1,000 amene amagula sopo mwezi uliwonse, ndipo mitundu ya sopo ilipo iwiri yokha. Mwa mabanja 100 aliwonse amene agula wofiira, 90 amadzagulanso yemweyo mwezi wotsatira, pamene 10 amapita ku wobiriwira. Mwa 100 aliwonse a wobiriwira, 70 amakhalabe ndipo 30 amasamukira ku wofiira. Manambala anayiwa amaikidwa m'mizere iwiri, ndipo akatswiri amati imeneyi ndi matirikisi ya kusintha:

```
0.9  0.1
0.3  0.7
```

Mzere wapamwamba ukunena za ogula wofiira, wapansi za ogula wobiriwira. Mzere uliwonse ukaphatikizidwa uyenera kupereka 1, chifukwa banja lililonse limakhala kapena kusamuka, palibe lomwe limangosowa. Zikapanda kukwana 1, ndiye kuti wowerengera walakwitsa penapake.

Tsopano sopo wofiira ndi wachilendo pa tawuniyo, ali ndi mabanja 200 okha pamene wobiriwira ali ndi 800. Mwezi ukatha, wofiira amasunga 180 mwa ake aja n'kulandira 240 ochokera kwa mnzake, onse pamodzi 420. Mwezi wachiwiri amasunga 378 n'kulandira 174, kufika pa 552. Wachitatu amafika pafupifupi 631. Akukwerabe, koma liwiro likuchepa.

Kukweraku kuli ndi polekezera, ndipo malowo angapezeke popanda kudikira zaka. Msika umakhazikika pamene ochoka ku wofiira alingana ndi obwera. Izi zimachitika wofiira akakhala ndi mabanja 750 ndipo wobiriwira 250: gawo limodzi mwa magawo 10 a 750 ndi 75, ndipo magawo 3 mwa 10 a 250 ndi 75 yomweyo. Anthu sanasiye kusintha sopo ayi. Mwezi uliwonse mabanja 150 amapingasana, koma chiwerengero cha mbali iliyonse sichisuntha, monga dziwe limene madzi olowa ndi otuluka ndi ofanana.

Chochititsa chidwi n'chakuti poyambira sipasintha kothera. Wofiira akanayamba ndi mabanja onse 1,000, akanatsika mpaka 750. M'chitsanzochi mpata wotsala kuti afike pa 750 unali 550, kenako 330, kenako 198. Mwezi uliwonse pamatsala magawo 6 mwa 10 a mpata wakale.

Apa ndi pamene amalonda ayenera kutchera khutu. Kampani ya sopo wobiriwira ikatchipitsa mtengo kwa mwezi umodzi n'kukokera mabanja ake pa 500, phindulo limasungunuka: mwezi wotsatira atsala 400, kenako 340, ulendo wobwerera ku 250. Koma ikakonza sopoyo kuti mabanja 80 pa 100 aliwonse azikhalabe m'malo mwa 70, pokhazikika penipenipo pamasuntha, ndipo wobiriwira amakathera pa mabanja pafupifupi 333. Ndalama zoti ogula asachoke zimagwira ntchito yokhalitsa kuposa zongowaitanira tsiku limodzi.

Masamuwa amadalira mfundo ziwiri zimene msika weniweni umaphwanya kawirikawiri. Yoyamba ndi yakuti chimene banja ligule mwezi wamawa chimatengera chimene lagula mwezi uno basi, osati mbiri yakale. Pofuna kuyesa mfundoyi, wofufuza amagawa ogula wofiira pawiri: amene angofika kumene ndi amene akhala naye miyezi yambiri. Ngati atsopanowo akuchoka kwambiri kuposa akalewo, ndiye kuti chizolowezi chili ndi mphamvu, ndipo manambala anayi aja sakukwanira. Pamafunika matirikisi yokulirapo yokumbukira miyezi iwiri.

Yachiwiri ndi yakuti manambalawo sasintha. Mtengo ukakwera, sopo wina akasowa m'mashelefu kapena wachitatu akalowa pamsika, 750 uja amakhala wa dzulo. N'chifukwa chake wofufuza wosamala amawerengera matirikisi ya miyezi yoyamba ya chaka payokha ndi ya miyezi yomaliza payokha, n'kuona ngati zikufanana asanalosere chilichonse.