Matenda a minyewa yoyendetsa thupi: zomwe amawononga, zomwe amasiya, ndi momwe chisamaliro chimakonzedwera

Kuti chala chipindike, uthenga umayenda m'minyewa iwiri yolandirana. Woyamba umayambira mu ubongo n'kutsika kukafika mu mtsempha waukulu wa mumsana. Wachiwiri umachoka mumsanamo kukafika ku mnofu. M'matenda omwe m'mafayilo a odwala amalembedwa kuti MND, minyewa iwiriyi imafa pang'onopang'ono, ndipo yomwe yafa simeranso. Mtundu wake wofala kwambiri ndi ALS, womwe dokotala wa ku Paris, Jean-Martin Charcot, anaufotokoza m'zaka za m'ma 1860 ndi 1870. Ku Ulaya, komwe kawerengedwe kake n'kodalirika, pa anthu 100,000 pamapezeka odwala atsopano pafupifupi awiri pachaka. Pafupifupi mmodzi mwa odwala khumi ndiye amatengera ku mtundu, ndipo matendawa sapatsirana.

Mnyewa uliwonse ukafa umasiya chizindikiro chake. Ukafa wa pansi, wochoka mumsana, mnofu umafooka, umafota, ndipo pansi pa khungu pamaoneka kuphiriphitha kosapweteka. Ukafa wa pamwamba, wochoka mu ubongo, chiwalo chimauma, ndipo bondo limadumpha mopitirira muyeso dokotala akaligogoda ndi kanyundo. Kupeza zizindikiro ziwirizi pa chiwalo chimodzi, mwachitsanzo mwendo wofota koma wodumpha kwambiri, ndiye chinthu choyamba chomwe chimam'ganiziritsa dokotala za matendawa. Chachiwiri n'chakuti kufookako sikuima pamalo amodzi.

Tiyerekeze bambo wa zaka 54, telala wogwiritsa makina opalasa ndi mapazi. Poyamba aona kuti phazi lamanja likuterereka pa chopalasira, ndipo patapata akumuvuka poyenda. Phazilo silikupweteka, lilibenso dzanzi. Patatha miyezi isanu ndi umodzi, dzanja lamanja layamba kulephera sizasi, ndipo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala palowa chigwa. Pomuyeza, lilime likuoneka kuti likuphiriphitha, mawondo onse akudumpha, koma akamugunda ndi thonje kapena kansonga akumva bwinobwino paliponse. Mkodzo akuugwira monga kale.

Kumva bwino kumeneku n'kofunika kwambiri, chifukwa kuno kwathu munthu wofooka miyendo amakhala ndi matenda ena ofala kuposa awa. Sitiroko imabwera mwadzidzidzi, kawirikawiri mbali imodzi. TB ya msana imabwera ndi ululu wa msana, dzanzi kuyambira penapake kutsika m'munsi, ndi vuto la mkodzo. Kuwonongeka kwa minyewa chifukwa cha HIV kapena shuga kumayamba ndi kutentha ndi dzanzi la kumapazi. Konzo, matenda a chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino omwe anabuka kwambiri m'chigawo cha Nampula ku Mozambique mu 1981, amaumitsa miyendo m'masiku ochepa kenako n'kuima pomwepo. Mafupa a m'khosi akamapana mtsempha wa mumsana amathanso kufanana kwambiri ndi MND, ndipo vutoli opaleshoni imatha kulithandiza. Palibe kuyeza magazi komwe kumanena kuti munthu ali ndi MND. Matendawa amatsimikizika pochotsa enawo, pojambula khosi ndi msana ngati zingatheke, poyeza mphamvu ya magetsi m'minofu komwe makina ake alipo, ndiponso pomuonanso wodwalayo patapita miyezi itatu kapena kuposerapo. Kuthamangira kum'patsa munthu dzina la matenda osachiritsika musanajambule khosi ndi kulakwa kwakukulu.

Zomwe matendawa amasiya

Minyewa ya kumva siikhudzidwa. Wodwala amaona, amamva mawu, amamva kukoma kwa chakudya, amamva ntchentche ikatera pankhope ngakhale sangathe kuiingitsa. Minofu yoyendetsa maso imagwira ntchito mpaka kumapeto mwa odwala ambiri. Minyewa yogwira mkodzo ndi chimbudzi, yomwe imachokera pa kagulu ka maselo kumunsi kwa msana, nayonso imapulumuka kwa nthawi yaitali. Mtima umagunda monga kale.

Nkhani ya nzeru ndiyofunika kuinena mosamala. Kale mabuku ankati ubongo woganiza sukhudzidwa n'komwe, ndipo anthu amakumbukira Stephen Hawking, yemwe anapezeka ndi matendawa mu 1963 ali ndi zaka 21 koma n'kugwira ntchito ya sayansi mpaka kumwalira kwake mu 2018. Zoona zake n'zakuti odwala ofika pafupifupi theka amasintha pang'ono m'kaganizidwe kapena m'khalidwe, ndipo 10 mpaka 15 pa 100 alionse amadwala matenda a ubongo wakutsogolo omwe amasinthiratu khalidwe. Ambiri amamvetsa zonse zochitika. Palinso kuseka kapena kulira kosadziletsa komwe kumabwera chifukwa cha minyewa yowonongekayo, ndipo achibale amatha kukutenga ngati misala kapena ufiti, pomwe si choncho. Moyo wautali wa Hawking nawonso ndi wapadera. Odwala ambiri amakhala zaka ziwiri mpaka zisanu kuchokera pomwe zizindikiro zinayambira. Joost van der Westhuizen, katswiri wa ragibi wa ku South Africa, anapezeka nawo mu 2011 ndipo anamwalira mu 2017.

Zosiyidwazi zili ndi tanthauzo pa ntchito ya m'wodi ndi kunyumba. Munthu yemwe sakulankhula koma akumva zonse sayenera kukambidwa ngati kulibe. Poti khungu lake likumva, kugona mbali imodzi kwa maola ambiri kumamupweteka, choncho ayenera kutembenuzidwa ndi kuongoledwa mfundo tsiku ndi tsiku. Akanyowetsa pogona, funso loyamba likhale lakuti kodi panali womupititsa kuchimbudzi, osati kuthamangira paipi ya mkodzo. Ndipo poti maso amatsalira, ndiwo adzakhale pakamwa pake.

Kukonzekera zisanafike

Mankhwala a riluzolo, omwe amamwedwa mamiligalamu 50 kawiri patsiku, amatalikitsa moyo ndi miyezi iwiri kapena itatu. Sabwezeretsa mphamvu, ndipo amafuna kuyeza chiwindi pafupipafupi. Kwa banja lomwe lingagulitse munda kuti liwaitanitse kunja, ine ndingati limve kaye nambala imeneyi momveka bwino. Chomwe chimasintha kwambiri moyo wa wodwala ndi dongosolo la chisamaliro, ndipo lamulo lake ndi limodzi: chilichonse chikambidwe mphamvu yochichitira isanathe.

Tibwerere kwa telala uja. Tsiku lomwe wauzidwa za matenda ake, sikelo inaonetsa makilogalamu 62. Nambala imeneyi ilembedwe m'buku lake la kuchipatala, chifukwa zonse za kadyedwe zidzayezedwa kuchokera pamenepo. Lilime ndi mmero zikayamba kufooka, chomwe chimayamba kutsamwitsa ndi madzi ndi tiyi, osati nsima, chifukwa zamadzimadzi zimathamanga mmero usanatseke njira ya mpweya. Apa amathandizidwa ndi phala lolimbirako lothira nsinjiro kapena mafuta, chakudya chochepa koma kangapo patsiku, kukhala tsonga, ndi kuweramitsa chibwano pomeza. Malovu akamadontha sikuti achuluka, koma sakumezedwa. Amitiriputilini wochepa usiku amawaumitsa, ndipo amachepetsanso kulira kosadziletsa kuja.

Patatha chaka sikelo ikuonetsa 57, ndipo mbale imodzi ikumutengera mphindi zoposa 45. Wataya pafupifupi 8 pa 100 ya thupi lake. Nkhani ya paipi yodyetsera yolowera pamimba iyenera kukhala itakambidwa kale pofika pamenepa, chifukwa madokotala amalangiza kuti iikidwe munthu asanataye 10 pa 100, kutanthauza kuti iye asanatsike pansi pa 56, komanso mphamvu ya mapapo isanatsike pansi pa theka la muyeso wake. Akachedwa, kumugoneka chagada ndi kum'patsa mankhwala ogonetsa kumakhala koopsa. Komwe opaleshoni yotere kulibe, paipi ya m'mphuno imathandiza kwa kanthawi. Wodwala ali ndi ufulu wokana zonse ziwiri, koma akane atamvetsa, akadali ndi mawu.

Kupuma ndiko kumatha moyo wa odwala ambiri. Mapapo enieniwo amakhala abwino; chomwe chimafooka ndi mnofu waukulu wolekanitsa chifuwa ndi mimba. Chizindikiro choyamba si befu wa masana ayi. Munthu amayamba kulephera kugona chagada, amadzuka ndi mutu m'mawa, amasinza masana, ndipo chifuwa chake chimakhala chopanda mphamvu. Mutuwo umabwera chifukwa mpweya woipa umaunjikana m'magazi usiku. N'chifukwa chake okosijeni yekha, yemwe tonse timathamangira tikaona munthu akubanika, akhoza kuvulaza: amachepetsa chilakolako chopuma, mpweya woipa n'kukwera, wodwala n'kugona osadzukanso. Chofunika ndi makina opopera mpweya kudzera pa chophimba kumaso usiku. Kafukufuku wa odwala 41 ku Newcastle, ku England, wofalitsidwa mu 2006, anapeza kuti mwa omwe mmero wawo unali ukadali wamphamvu, makinawa anawonjezera masiku pafupifupi 205, komanso anagona bwino. Phindu limeneli limaposa la riluzolo. Koma makinawa amafuna magetsi usiku wonse, batire yodikirira, ndi munthu wovula chophimbacho wodwala akasanza, pakuti manja ake sangathe. Komwe izi palibe, mutu wa bedi ukwezedwe, achibale aphunzitsidwe kukankha pamimba pothandiza kutsokomola, ndipo mofini wakumwa wochepa amachepetsa kubanika. Mofini woperekedwa pa muyeso woyenera safulumizitsa imfa, ndipo malo monga Tiyanjane ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Ndi Moyo ku Salima amadziwa kaperekedwe kake.

Mawu nawo amafuna kukonzekera komweko. Telala uja akadali kulankhula, iye ndi akunyumba agwirizane kuti kuyang'ana m'mwamba ndi "eya", kutsinzina ndi "ayi", ndipo ayeserere mpaka azolowere. Pa katoni palembedwe zilembo ndi zosowa za tsiku ndi tsiku monga madzi, kutembenuzidwa, chimbudzi ndi ululu. Kwa wosawerenga pajambulidwe zithunzi. Akhozanso kujambula mawu ake pa foni, osiyira ana. Nthawi yomweyi ndi yolemba wilo, yotchula munthu womulankhulira, ndi yonena ngati chibayo chikadzabwera akufuna kudzagonekedwa m'chipatala kapena kusamalidwa kunyumba.

Achibale ambiri amaopa kuti m'bale wawo adzamwalira motsamwa, koma samafunsa. Ndi bwino kuwauza asanafunse kuti izi sizichitika kawirikawiri. Odwala ambiri amayamba kusinza kwambiri mpweya woipa ukamakwera, ndipo amamwalira ali mtulo. Wosamalira, yemwe nthawi zambiri amakhala mkazi wake kapena mwana wamkazi, afunsidwe pa ulendo uliwonse wa kuchipatala kuti akugona maola angati komanso ndani akumulandira usiku, ndipo yankho lake lilembedwe m'buku lomwe lija pamodzi ndi makilogalamu.